Zoona zimatuluka pa funso lachitatu

Mukamufunsa munthu wamkulu wa ku Mitundu kapena ku Nsaru kuti "Muli bwanji?", adzakuyankhani kuti "Ndili bwino, kaya inu?" ngakhale atagona usiku wonse akubuula ndi dzino. Anzanga ena kuno ku Lilongwe amatenga zimenezi ngati umboni woti moni wautali wa kumudzi ndi mwambo chabe wopanda kanthu m'kati. Amati ngati yankho ndi lodziwika kale, kufunsa kasanu n'kutaya nthawi. Ine ndikuti alakwitsa powerenga. "Ndili bwino" woyambayo amangotsegula chitseko. Zoona zimayamba kutuluka pa funso lachitatu kapena lachinayi, ndipo wothamanga amakhala atachoka kale zisanatuluke. Ndinaziphunzira mochititsa manyazi, ndipo ndifotokoza.

Choyamba tione mmene zimayendera pakhomo pa munthu, chifukwa ambiri amene anakulira ku Area 25 kapena ku Kawale amadziwa mawu ake koma sadziwa dongosolo lake. Mlendo akafika amaima chapatali pang'ono n'kunena kuti "Odi!" Eni khomo amayankha kuti "Odini" kapena "Fikani", mwana amathamanga kukalandira katundu, wina amatulutsa mpando kapena kuyala mphasa pamthunzi. Mpaka apa palibe amene wafunsa mnzake za moyo. Mlendo sayamba ndi iye kupereka moni pakhomo pa eni ake. Amakhala pansi, amapuma, mwina amamwa madzi, ndipo akakhazikika mwini khomo ndiye amayamba: "Tikuoneni." Akatha bambo, amabwera mayi, kenako ana mmodzimmodzi, aliyense ndi moni wake, ndipo mlendo amayankha aliyense payekha ngakhale yankho likhale lomwelo. Zonsezi zikatha m'pamene pamabwera malonje enieni, pamene mlendo amafotokoza mmene wawasiyira kwawo, mmene wayendera, ndipo pomaliza penipeni, chimene wadzera. Eni khomo nawo amabweza malonje awo.

Mafunso ake amayenda ngati madzi otayidwa pabwalo, kuyambira pafupi n'kumafalikira. Limayamba ndi thupi la munthu amene muli naye: mwadzuka bwanji, mwaswera bwanji. Kenako a m'nyumba: nanga mayi, nanga ana, nanga agogo aja mwendo uja uli bwanji. Kenako mudzi wonse. Pomaliza ntchito, ndipo funso la ntchito limasintha ndi nyengo. Mu Okutobala mumafunsa ngati amaliza kusosa ndi kugalauza mizere, ngati nazale ya fodya ikuphuka bwino. Mu Januwale mumafunsa za kupalira, kubandira ndi feteleza wobereketsa. Mu Meyi mumafunsa ngati nkhokwe yadzaza. Munthu wofunsa za kukolola mu Disembala wadziulula yekha kuti akungotafuna mawu.

Bwanji osangofunsa kamodzi kuti "Nonse muli bwino?" n'kuthana nazo? Chifukwa kwathu nkhani yoipa siponyedwa kumaso kwa munthu amene wangotsika kumene panjinga, fumbi lili m'maso. Imaperekedwa pang'onopang'ono. Mwini khomo amafuna aone kaye ngati mlendoyo wabwera ndi mtendere, ngati iyenso sanasenze uthenga wolemera kuposa wawo, ndiponso ngati ali ndi mtima womvetsera. Funso lililonse lotsatira limamuuza kuti mlendoyu sakuthamanga, akhoza kumasuka. Ndiye mayankho amayamba kusintha mtundu. "Tadzuka bwino" amasanduka "Tadzuka ndithu." Kenako "Tadzukako pang'ono." Kenako "Ife tadzuka, koma mnzathuyu ndiye sanagone." Amene amadziwa kumva Chichewa amadziwa kuti "pang'ono" ameneyo si wochepa ayi. Munthu wamkulu akati "ndili bwino pang'ono", ndiye kuti akudwala ndithu. Akati "tikuyesera", m'nyumbamo ufa watha kapena watsala wa lero lokha. Akayankha za ana onse koma n'kulumpha dzina la mmodzi, nkhani ili pa ameneyo. Mawu akuti "koma" ndiwo khomo la zonse, ndipo sabwera pa funso loyamba.

Tsopano za manyazi anga. Mchemwali wanga wamng'ono anapeza banja, ndipo panafunika kuti atsibweni athu, mlongo wawo wa mayi, adziwitsidwe kuti adzaime ngati ankhoswe pa chinkhoswe. Nkhani yotere siyenera foni, ndiye ananditumiza ine. Atsibweniwo amakhala chikamwini kwa akazi awo, mudzi wina kupitirira Mitundu. Linali Loweruka mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinakwera minibasi kudepoti, njira ya ku Bunda, ndipo nditatsika pa Mitundu ndinatenga kabaza wa njinga yamoto. Apa m'pamene ndinapalamula: ndinamuuza mnyamata wa kabazayo kuti andidikire, sindichedwa, chifukwa madzulo ndinali ndi zina m'tauni. Munthu amene wasiya njinga ikumudikira pamsewu amakhala pampando ndi thako limodzi.

Ndinawapeza atsibweni ali pansi pa mtengo wa mango akukonza mpini wa khasu. Anandilandira, mwana anabweretsa mpando. Anati, "Tikuoneni, bambo." Ndinati ndili bwino, kaya iwo. Anati ali bwino. Azakhali, akazi awo, anatuluka m'nyumba, anagwada chapatali, anandipatsa moni ndi mawu otsika, n'kubwereranso m'nyumba msangamsanga. Ndinaona kuti pakhomo pali zii, kuti amayi awiri achikulire akhala kuseri kwa khitchini osayankhula, koma mutu wanga unali pa kabaza. Atsibweni atangofunsa kuti "Mwawasiya bwanji kutauni?", ine ndinalumphira pomwepo: onse ali bwino, ndipotu ndabwera ndi nkhani yabwino, mwana wanu uja wapeza banja, chinkhoswe tikufuna mwezi wamawa, a kuchimuna akonzeka, tikufuna inu mudzatsogolere. Ndinayankhula ndikuseka, mokweza, mpaka ndinatchula za nkhuku ndi zovala zofanana za akuchikazi.

Atsibweni anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anayang'ana mpini uja kanthawi. Kenako anati, "Tamva, bambo. Ndi nkhani yabwino. Koma mwina mukanatifunsako kaye kuti kuno tagona bwanji."

Msuweni wanga, mwana wawo wamkazi woyamba, anali atapita padera usiku wa Lachinayi, mimba ili yaikulu kale. Anali atagona m'nyumba momwemo, mamita ochepa kuchokera pamene ine ndinkasekera, ndipo anamva zonse za nkhuku ndi zovala zija.

Taonani chifukwa chake nkhani imeneyi imandiwawabe. Akanakhala maliro a munthu wamkulu, ndikanadziwa ndisanafike. Pamsewu pakanakhala masamba, ndikanamva kulira, ndikanaona anthu atasonkhana, ndipo uthenga ukanafika kale kwa mayi pafoni. Koma zoterezi kwathu zimasamalidwa mwakachetechete ndi amayi akuluakulu okhaokha. Palibe masamba pamsewu, palibe kulira mokweza, palibe kulengeza. Njira imodzi yokha imene ine, mwamuna wochokera kutali, ndikanadziwira inali malonje. Ndikanafunsa kuti "Nanga azakhali adzuka bwanji?" akanati adzuka pang'ono, atopa ndi kusagona. Ndikanafunsa kuti "Nanga asuweni anga?" akanati, "Ameneyo ndiye watipatsa nkhawa sabata ino." Mafunso awiri okha, osakwana mphindi imodzi. Ndikanapepesa, ndikanatsitsa mawu, ndikanamuuza wa kabaza kuti azipita, ndipo nkhani ya chinkhoswe ndikanainong'ona madzulo kapena kuisunga mpaka ulendo wina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo ndinalidya ndithu.

Apa m'pamene pagona mwano wa kuthamanga. Anthu ambiri amaganiza kuti wothamanga pa moni amalakwa chifukwa waphwanya mwambo, ngati munthu amene walowa m'tchalitchi atavala chipewa. Ine ndikuona kuti cholakwa chake n'chachikulu kuposa pamenepo, ndipo chili pawiri. Mbali yoyamba ndi imene aliyense amaimva m'thupi: ukadumpha moni n'kufika pa chimene wadzera, wamuuza mwini khomo kuti wabwerera chinthu, iyeyo ndi chitseko chabe chimene uyenera kudutsa. N'chifukwa chake mayi wogulitsa tomato mumsika wa Mchesi, ukangofika n'kuloza kuti "Mulu uwu ndi zingati?", nthawi zina amakuyang'ana n'kukuyankha kuti "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Ameneyo sakukupatsa moni, akukudzudzula. Mbali yachiwiri ndi imene ndinaiphunzira ku Mitundu: wothamanga amamulanda mnzake mpata wonena zake. Munthu waulemu sangakudule pakamwa kuti akuuze za mavuto ake. Amadikira kufunsidwa. Ukapanda kufunsa, wamutsekera pakamwa, kenako wamusenzetsa pempho lako pamwamba pa katundu amene sunamuone. Ndipo iye ayenera kusankha: akuyankhe ngati zonse zili bwino, kapena akuchititse manyazi monga anachitira atsibweni. Zonse ziwiri n'zowawa kwa iye, ndipo wamuika pamenepo ndiwe.

Pali phindu linanso limene anthu a malonda a kumudzi amalidziwa bwino. Malonje amakuuza ngati pempho lako lili ndi malo. Wapita kukatenga ngongole yako ya matumba awiri a chimanga. Pofunsa za kumunda wamva kuti mbozi zinawononga, pofunsa za ana wamva kuti wina ali kuchipatala. Usanatsegule pakamwa wadziwa kale kuti lero si tsiku lake, kapena kuti upemphe thumba limodzi. Mnzakoyo sanakukanize, iwe sunakanizidwe, ubale watsala wathunthu. Wothamanga amafunsa mwachindunji, amakanizidwa mwachindunji, ndipo onse awiri amasiyana nkhope zili gwa.

Ndikudziwa zimene anzanga a m'tauni anganene, ndipo sindikuziona ngati zopanda pake. Lilongwe si mudzi. Chiyambire pamene inakhala likulu la dziko mu 1975 yakula kwambiri, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi mumzinda muno. Kumudzi umakumana ndi anthu makumi awiri pa tsiku ndipo onse ukuwadziwa mayina ndi mbumba zawo. Kuno kondakitala wa minibasi ya ku Area 23 amakumana ndi mazanamazana. Atati afunse aliyense za ana ndi za kumunda, galimoto singachoke pasiteji. Namwino amene ali ndi mzere wa odwala wofika panja sangalonjere aliyense ngati mlendo wa pakhomo, ndipo amene ali kumapeto kwa mzerewo sangamuthokoze akatero. Pafoni napo mayunitsi amatha uli pakati pofunsa za agogo. Zonsezi n'zoona.

Koma taonani kuti ngakhale kumudzi komweko malonje athunthu sachitika paliponse. Anthu akakumana panjira, wina wasenza mtolo wa nkhuni, amangoti "Wawa" kapena "Zikomo", kuwomba m'manja pang'ono, n'kupitirira. Munthu amene munaonana naye m'mawa simumufunsanso za banja lonse masana, mumangoti "Mwaswera?" Pamaliro simufika n'kuyamba kufunsa ofedwa kuti ali bwanji, mumakhala pansi mwakachetechete n'kupepesa. Wobwera ndi uthenga wa ngozi, woti mwana wagwera m'chitsime, palibe amamuyembekezera kuti akhale kaye pampando. Mwambowu uli ndi muyeso wake kale: kutalika kwa moni kumatsata kutalika kwa nthawi imene simunaonane, kuyandikana kwa ubale wanu, ndi kulemera kwa chimene mwadzera. Choncho kondakitala sakulakwira aliyense. Amene akulakwa ndi ine, amene ndinatenga moni wa pasiteji n'kupita nawo pakhomo pa atsibweni anga, nditatha miyezi isanu ndi umodzi osawaona, nditasenza pempho lalikulu. Vuto la ife a m'tauni si loti tilibe nthawi. Tazolowera moni umodzi wokha, wa "Bho?" "Bho", ndipo tikuugwiritsa ntchito ponseponse ngati sipanala imodzi pa nati iliyonse.

Chodandaula china chimene ndimachimva, ndipo ichi ndimachivomereza kwambiri, n'choti moni wautali umasanduka msampha. Tonse timaidziwa foni ija ya wachibale amene amafunsa za mayi, za ana, za ntchito, za galimoto, iwe ukudziwa kale kuti kumapeto kuli "ndiye ndimati mundiganizireko kangachepe." Ena afika podana ndi malonje chifukwa cha zimenezi, amati ndi nyambo. Koma wonyengayo amadziwika msanga. Safunsa funso lotsatira. Ukamuuza kuti mwana akudwala, amangoti "Pepani" n'kupitiriza mndandanda wake, osafunsa kuti akudwala chiyani, mwapita naye kuchipatala kapena ayi. Amene akulonjera moona amasiya njira imene anakonza n'kutsata yankho lako, ndipo nthawi zina pempho lake amabwerera nalo osalitchula. Wonyengayo ndi wothamanga yemwe uja, kungoti wavala malaya a munthu woleza mtima. Kudana ndi malonje chifukwa cha iye kuli ngati kuleka kudya nsima chifukwa wina anakuphikira yosapsa.

Palinso mbali ina imene sindingaiteteze yonse. Pa malonje a kumudzi amene amagwada nthawi yaitali ndi amayi ndi ana, abambo ali pampando. Mtengwa kapena mkamwini amalonjera apongozi ali chapatali, nkhope atayang'ana kumbali. Atsikana ambiri ophunzira a kuno amati zimenezo n'zowatsitsa, ndipo ndikamaona mayi wachikulire wa mawondo owawa akugwada pafumbi chifukwa cha ine, mwana wa dzana, nanenso sindimasuka. Koma kugwada ndi chinthu china, kufunsa ndi chinthu china. Mukhoza kusiya choyambacho n'kusunga chachiwiri. Chimene ndikuona m'nyumba zambiri ku Area 47 ndi ku Area 49 n'chosemphana: mwana amaphunzitsidwa kugwada ndi kunena "Muli bwanji, ankolo?" ngati ndakatulo ya kusukulu, kenako amathawira ku wailesi yakanema yankho lisanathe. Tasunga chikopa, nyama tataya.

Ndipo pali malo amodzi pamene chizolowezi chomwechi chimapweteka anthu, n'chifukwa chake ndimafuna achinyamata ogwira ntchito m'zipatala ndi m'maofesi azichimvetsa. Gogo wochokera ku Kabudula akafika pamaso pa dokotala n'kufunsidwa kuti "Muli bwanji, agogo?", adzati "Ndili bwino." Sakunama. Akuyankha moni, ndipo akudikira funso lenileni. Wachinyamata wokulira m'tauni akhoza kudabwa kuti nanga mwadzeranji ngati muli bwino, mwinanso kumukalipira. Amene amadziwa malonje amangowonjeza kuti "Nanga m'thupimu mwagona bwanji?" ndipo gogoyo amayamba kufotokoza za chifuwa cha milungu itatu. Kalembera yemwe uja wa 2018 anaonetsa kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi. Ambiri mwa amene amabwera ku Capital Hill kudzatsata za penshoni, kapena ku Kanengo nyengo ya fodya, ndi anthu oyankha motere. Kuwafunsa kamodzi n'kulemba yankho loyambalo ndiko kulemba zolakwika.

Tikawerengera nthawi yeniyeni, malonje a pakhomo, ndi moni wa aliyense, satenga mphindi zoposa khumi. Pafoni mafunso atatu okwanira, inuyo, a kunyumba, ndi chinthu chimodzi chimene munamva ulendo watha, satha ngakhale mphindi imodzi. Lachitatulo ndilo lofunika kwambiri, chifukwa ndilo limaonetsa kuti munamvetsera kale: mwendo uja, mayeso a mwana aja, mbuzi zija zinasowa. Ife amene timati tilibe mphindi imeneyo ndife omwe timakhala theka la ola pamzere wa magalimoto podutsa pa mlatho wa Lilongwe madzulo, tikuyang'ana foni.

Tsiku lija ku Mitundu ndinapita kumsewu kukamulipira wa kabaza ndalama ya ulendo wobwerera umene sanandinyamule, ndipo ndinagona komweko. Madzulo, titadya, atsibweni anayambanso okha ngati kuti ndangofika kumene. "Mwawasiya bwanji alongo anga?" Ndinafotokoza za shuga ya mayi ndi mankhwala amene anasintha. Anafunsa za ana anga mmodzimmodzi, za ntchito, za lendi. Ine ndinafunsa za azakhali, za msuweni wanga, za mkamwini wawo amene anali atakhala yekha pakhonde la nyumba yake osayatsa nyali, za nazale imene inali itayamba kuuma chifukwa sabata yonse panalibe wothirira. Nkhani ya chinkhoswe anaitchula okha m'mawa, akundiperekeza kumsewu. Anati a kuchimuna auzidwe kuti adikire mpaka mwezi wa Disembala, ndipo powauza ndisatchule chifukwa chake.